Ntchito ya masabata 17, kontirakiti ikufuna 14: tidule pati kuti ndalama zisapite zambiri?

Chigumula77
Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Pali ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu ku Chirimba, yoyamba pakati pa Ogasiti. Pulogalamu yathu ikutuluka masabata 17, koma kontirakiti ikunena masabata 14, ndipo sabata iliyonse yopitirira pamenepo chindapusa chake ndi K1 miliyoni. Ndalama zoyendetsera saiti (malipiro a fomani ndi alonda, lendi ya mikisa, galimoto, madzi, kaofesi) ndi K1.8 miliyoni pa sabata. Gawo lililonse ndalifunsira nthawi yake yamasiku onse ndi nthawi yochepetsetsa imene lingatheke tikawonjezera anthu ndi makina. Ndalama zili m'mamiliyoni a kwacha.

| Gawo | Ntchito | Limadikira | Masabata wamba | Masabata ofulumira | Mtengo wamba | Mtengo wofulumira |
|---|---|---|---|---|---|---|
| A | Maziko | palibe | 4 | 3 | 18 | 20.4 |
| B | Makoma | A | 6 | 4 | 24 | 27 |
| C | Kuwotcherera zitsulo za denga | A | 5 | 3 | 30 | 32 |
| D | Kukweza zitsulo ndi kukhoma malata | B ndi C | 3 | 2 | 15 | 17 |
| E | Ngalande ndi msewu wolowera | A | 7 | 5 | 12 | 13.2 |
| F | Pansi, magetsi, penti | D | 4 | 3 | 20 | 23.5 |

Mtengo wamba wonse ndi K119 miliyoni. Abwana akuti tingofulumizitsa zonse nkhani ithe. Ine ndikuona ngati tiwononga ndalama, koma ndikufuna manambala oti ndiwaonetse.

Mmisiri_wa_Ndirande
Yambani ndi E achimwene. Ndi gawo lalitali kuposa onse, ndipo masabata awiri mukuwagula ndi K1.2 miliyoni yokha. Palibe chotchipa kuposa pamenepo.

Anaphiri
Ayi bambo, E musaikhudze. Ngakhale ngalandezo mutazimaliza mawa, tsiku lopereka makiyi silisuntha. Tiyeni tijambule kaye njira zonse zochokera poyambira kukafika pomalizira, chifukwa tebulo lopanda zimenezi limanamiza.

Njira yoyamba ndi A, B, D, F: 4 + 6 + 3 + 4, masabata 17. Yachiwiri ndi A, C, D, F: 4 + 5 + 3 + 4, masabata 16. Yachitatu ndi A kenako E: 4 + 7, masabata 11. Imene ikulamula tsiku lomaliza ndi yaitali kwambiriyo, ya 17. E ili ndi mpata wa masabata 6, kutanthauza kuti ikhoza kuchedwa mwezi ndi theka popanda wina kudziwa. Kulipira K1.2 miliyoni kuti mpatawo ukhale masabata 8 n'kutaya ndalama.

Koma yang'anitsitsani njira yachiwiri ija. Ikusiyana ndi yoyamba ndi sabata imodzi yokha, ndipo ndi imene isokoneze masamu tikangoyamba kudula.

Mmisiri_wa_Ndirande
Ndamva mayi. Ndiye mwa zinayi za pa njira yolamulayo yotchipa ndi D, chifukwa ikuwonjezera 2 yokha pamene B ikuwonjezera 3.

Anaphiri
B ikuwonjezera 3 inde, koma ikukupatsani masabata awiri. Tikuyerekeza mtengo wa sabata imodzi yodulidwa, osati ndalama yonse. Mumatenga mtengo wofulumira kuchotsa mtengo wamba, n'kugawa ndi masabata amene angadulidwe. Ngati tebulo la aChigumula lili mu Excel mmene lililimu, kuyambira pa mzere wachiwiri, ikani ichi mu H2 n'kukokera pansi:

```
=(G2-F2)/(D2-E2)
```

Zotuluka zake: A ndi 2.4 ndipo ingadulidwe sabata imodzi. B ndi 1.5, masabata awiri. C ndi 1.0, masabata awiri. D ndi 2.0, sabata imodzi. E ndi 0.6, masabata awiri. F ndi 3.5, sabata imodzi.

Tsopano timadula sabata imodzi imodzi, ndipo tikadula timawerenganso njira zonse zitatu tisanapitirire.

Kuchoka pa 17 kufika pa 16, njira yolamula ndi imodzi, ndipo pa A, B, D ndi F yotchipa ndi B. Tadula sabata pa makoma ndi K1.5 miliyoni. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa amaona kuti B ikadali ndi sabata ina pa mtengo womwewo, n'kuidulanso. Koma tsopano njira ya makoma ili pa 16 ndipo ya zitsulo ili pa 16. Mukadulanso B yokha, makoma atha msanga n'kumadikira zitsulo zimene zikadali kwa owotcherera, ndipo ntchito yonse ikhalabe pa 16.

Choncho kuchoka pa 16 kufika pa 15 muyenera kudula njira ziwiri nthawi imodzi. Mungadule gawo limene njira zonse ziwiri zimadutsapo, lomwe ndi A pa 2.4, D pa 2.0 kapena F pa 3.5. Apo ayi mudule B ndi C pamodzi, 1.5 kuphatikiza 1.0, yomwe ndi 2.5. Yotchipa ndi D. D yatha, singatsikenso.

Kuchoka pa 15 kufika pa 14 kwatsala A pa 2.4, B ndi C pa 2.5, F pa 3.5. Titenga A. Mpaka pano tawonjezera 1.5 + 2.0 + 2.4, yomwe ndi K5.9 miliyoni, ndipo tafika pa masabata a kontirakiti.

Wofuna kupitirira atenga B ndi C pa 2.5 kufika pa 13, kenako F pa 3.5 kufika pa 12. Pamenepo A, B, D ndi F zonse zafika polekezera, ndiye 12 ndi malire, ngakhale mutabwera ndi ndalama zochuluka bwanji.

Kapitawo
Apa ndiye pali yankho la abwana anu aChigumula. Kufulumizitsa zonse ndi 133.1 kuchotsa 119, K14.1 miliyoni, ndipo mupeza masabata 12. Njira ya mayi Anaphiri ikufika pa 12 pomwepo ndi K11.9 miliyoni. K2.2 miliyoni yosiyanayo ndi ya masabata awiri a E ndi sabata yachiwiri ya C, zimene sizigula tsiku ngakhale limodzi. Komanso palibe amene wapempha masabata 12.

Chigumula77
Zikomo kwambiri. Nanga ndalama zoyendetsera saiti ndi chindapusa zikulowa pati?

Anaphiri
Zikulowa pa tebulo lachiwiri, limene limasonyeza poyimira. Mzere uliwonse mumaphatikiza zitatu: mtengo wa ntchito yeniyeni, 1.8 kuchulukitsa ndi masabata, ndi chindapusa.

| Masabata | Chodulidwa | Ntchito yeniyeni | Zoyendetsera | Chindapusa | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| 17 | palibe | 119.0 | 30.6 | 3 | 152.6 |
| 16 | B | 120.5 | 28.8 | 2 | 151.3 |
| 15 | D | 122.5 | 27.0 | 1 | 150.5 |
| 14 | A | 124.9 | 25.2 | 0 | 150.1 |
| 13 | B ndi C | 127.4 | 23.4 | 0 | 150.8 |
| 12 | F | 130.9 | 21.6 | 0 | 152.5 |

Potsika kwambiri ndi pa 14. Mungaone zomwezo popanda tebulo: sabata iliyonse yodulidwa pamwamba pa 14 ikupulumutsa 1.8 ndi 1 ya chindapusa, pamodzi 2.8, ndiye chilichonse chotchipa kuposa 2.8 n'choyenera kugula. Mukafika pa 14 chindapusa chatha, sabata ikupulumutsa 1.8 yokha, ndipo 2.5 ya B ndi C yadula kuposa phindu lake. Pakadapanda chindapusa konse, poyimira pakadakhala pa 16, chifukwa B yokha ndi imene ili pansi pa 1.8.

Nambewe_wa_kuLimbe
Masamu ali bwino, koma ndili ndi funso pa 1.8 imeneyo. AChigumula, mwaipeza pogawa ndalama zonse za koyambirira kwa bilu ndi 17, kapena mwawerengadi zimene zimatha sabata ndi sabata? Ndikufunsa chifukwa m'gawo limenelo mumakhala zinthu zolipira kamodzi: kumanga mpanda wa malata, chikwangwani, kulumikiza madzi, kubweretsa ndi kuchotsa makina. Zimenezo mtengo wake ndi womwewo kaya ntchito itenge masabata 12 kaya 17. Fomani wolembedwa pa mwezi amene akachoka pano akupita kukakhala ku ofesi, malipiro ake simunawapulumutsenso. Lendi yolipira pa mwezi wathunthu nayo situluka pokhapokha mwadula mwezi wonse.

Tiyerekeze kuti mutasefa mwatsala ndi 1.2 pa sabata. Sabata yodulidwa ikupulumutsa 2.2 tsopano, osati 2.8. B pa 1.5 ndi yabwino, D pa 2.0 ndi yabwino, koma A pa 2.4 yadutsa. Pa masabata 15 zonse ndi 122.5 + 18 + 1, yomwe ndi 141.5. Pa 14 ndi 124.9 + 16.8, yomwe ndi 141.7. Yankho lasuntha: kuima pa 15 n'kulipira chindapusa cha sabata imodzi n'kotchipa ndi K200,000.

Kapitawo
Pamenepo sindikuvomereza achemwali. Kuchedwa dala chifukwa cha K200,000 pa ntchito yoposa K140 miliyoni? Mwini nyumba ali ndi katundu amene akudikira malo. Mawa akafuna kumanganso adzakumbukira amene anachedwa. Komanso mukakonzekera 15 mwadya kale sabata ya chindapusa musanakumane ndi vuto lililonse.

Nambewe_wa_kuLimbe
Sindikunena kuti achedwe. Ndikunena kuti adziwe kuti sabata yomalizayo akuigula chifukwa cha dzina lawo, osati chifukwa masamu awalamula. Abwana akafunsa, yankho likhale loona.

Bambo_a_Tiya
Ine ndingoti onjezerani anyamata basi. Anthu ofuna ganyu ali mbwee ku Chirimba konko. Amisiri 8 akumanga masabata 6, ikani 16 amange masabata atatu.

Mmisiri_wa_Ndirande
Khoma silimangidwa choncho madala. Mabuloko sungawakweze kupitirira mita imodzi ndi theka patsiku, matope a pansi amafinyika khoma n'kupendama. Amisiri 16 akufuna sikafodi yowirikiza, mikisa yokwanira, ndi mabuloko ouma okwanira tsiku lililonse. Ngati mikisa ndi imodzi, theka la amisiriwo likhala likudikira matope. Kenako pali lintala ya pamwamba: mupange matabwa, mumange zitsulo, muthire konkire, idikire kulimba musanaikepo katundu wa denga. Masiku amenewo sagulidwa ndi anthu. N'chifukwa chake 4 ndi malire a B, ndipo ine ndikadafuna kuona mmene 4 ameneyo anawerengedwera.

Anaphiri
Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa tebulo langa. Njira yonseyi imaganiza kuti sabata yoyamba ya B ndi yachiwiri zili ndi mtengo wofanana, 1.5 iliyonse. Pa saiti sizikhala choncho kawirikawiri. Sabata yoyamba mwina mumaipeza ndi amisiri awiri owonjezera ndi kugwira Loweruka lonse, yachiwiri ikufuna mikisa ina, sikafodi ina ndi ovataimu. Zikhoza kukhala 1.0 ndi 2.0. Ngati zili choncho lembani mizere iwiri pa tebulo, B yoyamba ndi B yachiwiri, iliyonse ndi mtengo wake. Pa nkhani ino dongosolo lodulira mpaka pa 14 silisintha, kungoti mtengo utsika kufika pa 5.4, pamene B ndi C pamodzi zikwera kufika pa 3.0.

Palinso magawo amene sadulidwa pang'onopang'ono. Ngati sabata ya D ikuchokera pobwereka kireni m'malo mokweza zitsulo ndi zingwe, ndiye kuti mumalipira 2.0 yonse kapena osalipira konse. Theka la kireni kulibe.

WaKuMachinjiri
Za ovataimu muwerengere bwino. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku logwira ntchito ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma kapena la holide ilipidwe kawiri. Mukawonjezera maola 12 pa 48, nthawi yakwera ndi gawo limodzi mwa anayi, koma mukulipira ngati maola 18, ndiye malipiro akwera ndi 37.5 pa 100 iliyonse. Ndipo munthu amene wasenza mabuloko kuyambira m'mawa mu kutentha kwa Okutobala, ola lake lakhumi silifanana ndi loyamba. Ovataimu ya sabata imodzi kapena ziwiri imathandiza, ikapitirira ntchito imayamba kubwerezedwa.

Bambo_a_Tiya
Mabulokowo mukugula kuti? Masiku ano ambiri akugulitsa osauma, ukangotsitsa pa lole ngodya zayoyoka kale. Kale ndi njerwa zootcha tinalibe vuto limeneli.

Mmisiri_wa_Ndirande
Vuto si buloko, ndi opanga amene amachepetsa simenti ndi kuthirira masiku awiri okha. Kandani ndi msomali: ikamatuluka mchenga ngati ufa, ibwezeni. Funsaninso tsiku limene anaumba.

Kapitawo
Njerwa zootcha zatha nkhalango zathu, onani mmene phiri la Ndirande lilili. Koma funso la madala likukhudza tebulo. Kudula B kukutanthauza kuti mabuloko a masabata 6 afike m'masabata 5. Ngati woumba sangakwanitse popanda kukutumizirani aawisi, 1.5 ija ndi yabodza, chifukwa muyenera kuwonjezerapo wogulitsa wachiwiri ndi thiransipoti yake. Oda iperekedwe maziko asanayambe.

WaKuMachinjiri
Tibwerere ku funso. Ine chimene sindikumvetsa n'chakuti n'chifukwa chiyani C ikudikira A. Zitsulo zimawotcheredwa ku wekishopu, maziko ali ku saiti. Mapulani alipo. Yambitsani zonse tsiku limodzi, njira ya zitsulo ichoke pa mpikisano.

Chigumula77
Owotcherera anati akufuna kudzayeza okha mipata ya zipilala maziko akathiridwa, kuti zitsulo zisadzakhale zazifupi kapena zazitali.

Anaphiri
Akunena zoona, komanso aMachinjiri agwira chinthu chenicheni. Tingosiyanitsa: zimene tachita pamwambapa n'kugula nthawi ndi ndalama popanda kusintha dongosolo la ntchito. Zimene akunena aMachinjiri n'kusintha dongosolo lenilenilo, kuyambitsa gawo linzake lisanathe. Pamenepo simulipira ndalama poyamba, mumasenza chiopsezo chobwereza ntchito.

Tiyeni tione phindu lake m'manambala. C ikachoka pa mpikisano, sabata yachiwiri ya B ikhala 1.5 yokha m'malo mwa 2.5. Kufika pa 14 kukhala B, B, D: 1.5 + 1.5 + 2.0, K5.0 miliyoni m'malo mwa 5.9, ndipo maziko simuwakhudza. Chosangalatsa n'chakuti simukufunika kuyambitsa C tsiku loyamba. B ikakhala masabata 4, makoma atha pa sabata ya 8. C ikayamba pambuyo pa A itha pa sabata ya 9. Kusiyana ndi sabata imodzi, ndiye C iyambe sabata imodzi yokha maziko asanathe. M'sabata imeneyo owotcherera akhoza kugula zitsulo, kupanga chikombole choyalira, kudula tizitsulo ta m'kati ndi kupaka penti yoteteza dzimbiri. Zitsulo zazitali za m'munsi ndi mapuleti a kumapeto, zimene zimadalira muyeso wa pa saiti, zidikire.

Funso loti mudzifunse ndi ili: K900,000 imene mukupulumutsa ikufanana bwanji ndi mtengo wokonza ngati muyeso utalakwika? Ngati asiya mapeto osawotcherera, chiopsezo n'chochepa.

Mmisiri_wa_Ndirande
Koma njira imeneyo ikukankhira B pa malire ake a masabata 4, amene ndanena kuti ndikuwakayikira. Ndipo njira ziwiri zonse zikhala zopanda mpata. Magetsi akathima masiku atatu ku wekishopu, denga lachedwa masiku atatu. Afunseni ngati ali ndi jenereta yokoka makina owotcherera, ndipo dizilo wake ali pa mtengo wa ndani.

Kapitawo
Ndi mtengo wobisika wa kufupikitsa kulikonse. Pa 17 munali ndi njira imodzi yoti muziyang'anira, C inali ndi sabata yopumira. Pa 14 muli ndi ziwiri, ndipo iliyonse ikaterereka ntchito yonse yaterereka. Tebulo silionetsa zimenezi.

Mphunzitsi_Soche
Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndimayesa nkhani ndi yochepetsa mtengo wa nyumba. Bwanji osachotsa msewu wolowerawo, K12 miliyoni ipulumuke, mudzapange chaka chamawa?

Nambewe_wa_kuLimbe
Kumeneko n'kuchepetsa ntchito aphunzitsi, ndipo wosankha ndi mwini nyumba, osati kontirakitala. Komanso E sili pa njira yolamula, ndiye ngakhale itachoka masabata akhalabe 17.

Kapitawo
Pa E pomwepo ndichenjeze. Pa pepala ili ndi mpata, masabata 6 poyamba, 4 mukatsika pa 14 kudzera pa A. Koma mpata umenewo uli kumapeto kwa ntchito, ndipo mukayamba pakati pa Ogasiti kumapetoko ndi Novembala, mvula ikuyamba. Ngalande zosatha mvula yoyamba ikagwa zimadzaza dothi, ndipo msewu wosatsenderedwa umasanduka matope amene lole ya matailosi kapena simenti singadutse. Ndiye musailipire kuti ifulumire, koma musaichedwetsenso. Iyambe A ikangotha.

Mvula yomweyo ikupereka chifukwa china chodulira A, B ndi D osati F. Pa pulogalamu ya 17 malata akutha pa sabata ya 13, pakati pa Novembala. Pa ya 14 akutha pa sabata ya 10, kumapeto kwa Okutobala. F ndi ntchito ya m'kati mwa denga, mvula siikhudza kwenikweni.

Chigumula77
Funso lina. Tebulo likuti B poyamba, D kachiwiri, A kachitatu. Koma pa saiti A ndi imene ikuyamba. Ndiye ndiyambe kuwononga 2.4 ya A sabata yoyamba yomwe, ndisanadziwe ngati zinazo ziyenda?

Anaphiri
Mwafunsa bwino. Dongosolo la pa tebulo ndi la mtengo, si la kalendala. Pa kalendala A imasankhidwa tsopano kapena osasankhidwa konse, chifukwa maziko akatha mwayi wake wapita.

Onani zimene zingachitike mutasiya A pa masabata 4. Kufika pa 14 kukhala B pa 1.5, D pa 2.0, kenako B ndi C pa 2.5, pamodzi 6.0. Kusiyana ndi 5.9 ndi K100,000 yokha. Choncho pa ndalama zokha kudikira sikudula. Koma onani zimene mwatsala nazo m'thumba. Mukadula A, B kamodzi ndi D, mukadali ndi B ndi C pa 2.5 komanso F pa 3.5 zoti mudzagwiritse zinthu zikavuta. Mukasiya A, mwatsala ndi F yokha, yodula kuposa zonse, ndipo pansi pa 13 simungafike. Ine ndingadule A. Sabata yogulidwa koyambirira imakhala yanu, ndipo zida zodzitetezera mtsogolo zimakhalapobe.

Nambewe_wa_kuLimbe
Ine ndingadikire, makamaka ngati ndalama yoyamba ya mwini nyumba sinalowe. K2.4 miliyoni ya mu Ogasiti ikuchokera m'thumba la kontirakitala kapena ku banki pa chiwongoladzanja, pamene 2.5 ya B ndi C ikutuluka satifiketi yoyamba ya ntchito imene yagwiridwa italipidwa kale. Komanso maziko ndi gawo limene simudziwa zimene zili pansi. Kuno ku Blantyre kukumana ndi mwala n'kosadabwitsa. Mukhoza kulipira makina okumba n'kutherabe masabata 4.

Kapitawo
Mwala ukapezeka, okumba ndi mapiki atenga masabata 6, osati 4. Makinawo ndiye akutetezani kwambiri.

Mmisiri_wa_Ndirande
Bola sabata ya A ichokere pa kukumba ndi kumanga zitsulo, osati pa konkire. Konkire ithiriridwe masiku osachepera 7, ndipo timabokosi toyesera tiphwanyidwe pa masiku 7 ndi 28 monga mwa nthawi zonse. Fomani akauzidwa kuti masabata ndi atatu popanda kuuzidwa kuti sabatayo ichokere pati, amaichotsa pa kuthirira chifukwa ndi pamene palibe amene akuona. Zotsatira zake ndi ming'alu pa silabu, ndi injiniya wokana kusainira. AChigumula, pa gawo lililonse lodulidwa lembani chinthu chenicheni chimene ndalamayo ikugula: makina okumba masiku angati, amisiri angati, kireni masiku angati. Mtengo wofulumira wopanda mndandanda umenewu ndi nambala yongoganizira.

WaKuMachinjiri
Chinanso, B, C ndi E zikuyenda nthawi imodzi. Ngati anyamata owonjezera pa makoma mukuwatenga ku ngalande, E italika ndipo mpata wake udyeka mwakachetechete. Masabata 7 akhoza kukhala 10, ndipo 3 + 10 ndi 13, pafupi kwambiri ndi 14. Njira yachitatu ija ikhoza kudzuka osayembekezera. Muziwerenganso njira zonse Lachisanu lililonse ndi masiku enieni a pa saiti.

Nambewe_wa_kuLimbe
Ndisanaiwale: mwawerenga kontirakiti pa nkhani ya chindapusa? Nthawi zambiri chimakhala ndi malire ake, ndipo mwina chimawerengedwa pa tsiku osati pa sabata, zimene zimasintha masamu ngati mungadule masiku atatu okha. Onaninso ngati pali kuchedwa kochokera kwa mwini nyumba, monga kupereka malo mochedwa kapena kusintha mapulani. Kumeneko mumapempha nthawi yowonjezera polemba kalata m'masiku amene kontirakiti yanena, simulipira nokha kufulumizitsa. Ngati kontirakiti ndi ya FIDIC ya 1999, mtundu wa kontirakiti ya zomangamanga wogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, chidziwitso chiyenera kuperekedwa m'masiku 28. Tsiku la kontirakiti likasunthira pa 15, poyimira pa tebulo pasunthiranso pa 15, chifukwa A pa 2.4 ikhala ikupikisana ndi 1.8 yokha.

Chigumula77
Kuchedwa kwa mwini nyumba palibe, tinasaina 14 tikudziwa. Chindapusa ndi cha pa sabata. 1.8 ndinaipeza pogawa zonse ndi 17, ndiye ndikaisefa usiku uno monga anenera achemwali a ku Limbe. Mawa ndikufunsa owotcherera ngati angayambe sabata imodzi msanga n'kusiya mapeto. Chimene sindinathe kusankha ndi A. Mwini makina okumba akufuna yankho pofika Lachitatu.

Anaphiri
Musanamuyankhe kumbani maenje atatu kapena anayi oyesera pa ngodya za nyumbayo, akuya ngati maziko enieniwo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi ya anthu anayi. Mukapeza dothi lofewa, funsani amisiri anu ngati masabata 4 a manja sangatsike ndi okumba ena ochepa pa mtengo wosafika 2.4. Mukapeza mwala, masabata 4 ndi 3 onse asintha ndipo tebulo liyenera kuyambidwanso kuchokera pa mzere wa A.

Kapitawo
Mumufunsenso ngati mtengo wakewo ukuphatikiza lole yobweretsa ndi kubweza makinawo, dizilo, ndi masiku amene makina angaime chifukwa cha kuwonongeka. Mutiuze nambala yatsopano ya zoyendetsera mukaisefa, tione ngati ikudutsa 1.4, chifukwa pansi pa 1.4 sabata ya A siikudzilipira yokha.